Kusaka Sitima pa Pepala: Bomba Lotsatira Tiponye Pati?

Pa tchuthi chapitachi mtsikana wina wa Fomu 2, mwana wa mlongo wathu, anatigonjetsa katatu kotsatizana pa masewera osaka sitima. Zipangizo zake zinali mapepala awiri othothola m'kope la masamu ndi mapensulo awiri basi. Poyamba tinkati ndi mwayi, koma titagonja kachitatu tinayamba kuonetsetsa m'mene ankasankhira malo oponyapo mabomba ake, ndipo tinazindikira kuti iye ankawerenga pamene ife tinkangolota. Zimene tinaphunzira kuchokera tsiku limenelo ndi zomwe tikufuna kugawana nanu, awerengi athu, makamaka inu makolo amene mwatopa nako kusekedwa ndi ana pa mkeka.

Kwa amene sadawaonepo masewerawa, tifotokoze mwachidule. Kwa Azungu amatchedwa Battleship. Anthu ankasewera pa pepala kwa zaka zambiri kampani ya ku Amereka ya Milton Bradley isanatulutse a pulasitiki m'chaka cha 1967. Wosewera aliyense amajambula mabwalo awiri, lililonse la timabokosi 100, ndiye kuti mizere 10 yopingasa ndi 10 yotsika. Mizere yopingasa imalembedwa zilembo A mpaka J kuchokera pamwamba, ndipo yotsika imalembedwa manambala 1 mpaka 10 kuchokera kumanzere. Pa bwalo loyamba mumabisa sitima zanu zisanu: ya timabokosi 5, ya 4, ziwiri za 3 ndi kakang'ono ka 2. Sitima imagona chopingasa kapena chotsika, osati chopendekeka. Pa bwalo lachiwiri mumalembapo mabomba amene mwaponya kwa mnzanu. Mukatchula malo, monga E5, iye amayankha kuti “lagwa m'madzi” kapena “lagunda”, ndipo timabokosi tonse ta sitima tikagundidwa amanena kuti yamira, n'kutchula kuti ndi iti. Woyamba kumiza zonse zisanu ndiye wapambana.

Sitima zisanuzo zimadzaza timabokosi 17 mwa 100. Munthu woponya mwachisawawa, wosalabadira n'komwe pamene lagunda, masamu amaonetsa kuti amafunika mabomba pafupifupi 95 kuti amalize. Palibe munthu wamaso amene amasewera choncho, komabe nambala imeneyi ikutiuza kuti mwayi paokha suthandiza kwenikweni. Chimene chimapambanitsa ndi kuchepetsa mabomba ogwa m'madzi, ndipo ntchito imeneyi ili pawiri. Pali nthawi yosaka, pamene simudziwa kumene kuli sitima iliyonse, ndipo pali nthawi yotsata, pamene bomba lagunda koma sitimayo sinamire.

Posaka, nzeru yoyamba ndi yakuti theka la bwalo silifunika kuponyedwa ayi. Taganizani bolodi ya dirafuti, ya timabokosi takuda ndi toyera tosinthana. Sitima yaifupi kwambiri ili ndi timabokosi tiwiri toyandikana, ndipo timabokosi tiwiri toyandikana sitingakhale ta mtundu umodzi: kena n'kakuda, kena n'koyera. Choncho mukamaponya pa takuda tokha, timene tilipo 50, palibe sitima imene ingakuzembeni. Sikofunika kupaka bwalo lanu makala. Werengani A ngati 1, B ngati 2, mpaka J ngati 10, kenaka phatikizani nambala ya chilembo ndi nambala ya mzere wotsika. E5 ndi 5 kuphatikiza 5, yankho 10, ndipo F3 ndi 6 kuphatikiza 3, yankho 9. Timabokosi timene yankho lake limagawika ndi 2 popanda chotsala titche takuda, tinato toyera. Sankhani mtundu umodzi ndipo musausiye, chifukwa mukamasinthasintha mwabwerera ku timabokosi 100 tija.

Ngakhale mwa 50 timeneti, sikuti tonse n'tolingana. Funso loyenera kudzifunsa pa kabokosi kalikonse ndi ili: kodi sitima zingagone m'njira zingati zodutsa pano? Pa ngodya, monga A1, sitima iliyonse ingagone m'njira ziwiri zokha, chopingasa kapena chotsika, ndiye kwa sitima zisanu pali njira 10. Pa E5, sitima ya timabokosi 5 yokha ingagone m'njira 10, zisanu chopingasa ndi zisanu chotsika, ndipo mukawonkhetsa za sitima zonse zisanu mupeza 34. N'chifukwa chake bomba loyamba liyenera kugwa pakati, ndipo otsatirawo atalikirane kuti lililonse lifufuze dera lakelake.

Tsopano tengani pepala, mujambule bwalo, kuti titsatire limodzi masewera amene tinasewera ndi mtsikana uja patapita masiku angapo. Pa bomba logwa m'madzi ikani kadontho, pa logunda ikani X. Kuwerenga nkhaniyi popanda pepala n'kudzivutitsa chabe.

Tinasankha timabokosi takuda. Mabomba asanu oyamba, E5, C3, G7, D8 ndi H4, onse anagwa m'madzi. Lachisanu ndi chimodzi tinaponya pa F4, ndipo mtsikanayo, nkhope ili gwa, anati, “Lagunda, amalume.”

Apa kusaka kwaima kaye, kutsata kwayamba, ndipo za mtundu wa timabokosi ziiwalike pang'ono, popeza timabokosi tonse tinayi toyandikana ndi F4 n'toyera. Pamwamba pali E4, pansi G4, kumanzere F3, kumanja F5. Ambirife timayamba ndi kalikonse, kapena timazungulira ngati mivi ya wotchi. Komatu timadontho tili pa pepalapo tili ndi uthenga. Pansi pa F4 pali kabokosi kamodzi kokha kopanda kanthu, G4, chifukwa pa H4 tinaphonya kale. Kumanzere kulipo titatu musanafike m'mphepete. Pamwamba tilipo tisanu, kumanja tisanu ndi kamodzi. Tikawerenga njira zonse zimene sitima zisanu zija zingagonere modutsa pa F4, tikupeza 26: zopingasa 16 ndi zotsika 10. Mwa 26 zimenezi, zodutsanso pa F5 zilipo 12, pa F3 zilipo 11, pa E4 zilipo 9, ndipo pa G4 zilipo 5 zokha. Kuwerenga kotere sikukuganizira kuti sitima zina zimatsekereza zinzake, koma n'kokwanira kutisonyeza kuti F5 ikuposa G4 kowirikiza kawiri.

Sitikunena kuti pa mkeka muziwerenga zonsezi mnzanu akudikira, angakuthaweni. Chidule chake n'chakuti muyang'ane mzere umene uli ndi malo ambiri opanda kanthu mbali zonse ziwiri, ndipo pa mzerewo muyambe mbali yotakasuka. Mukawerenga timabokosi tinayi mbali imodzi lekezani pomwepo, chifukwa sitima yaitali kwambiri singapitirire pamenepo.

Tinaponya F5, ndipo linagunda. Mtsikanayo sananene kuti yamira, choncho tinati iyi si sitima ya timabokosi 2, ndi ina yaitali yogona mu mzere wa F. Kumapeto kwake kunali kuwiri, F3 ndi F6, ndipo mukawerenga mupeza kuti njira zodutsa uku ndi uku n'zofanana. Zikafanana chonchi pali kanzeru kena kakang'ono. F6 ndi 6 kuphatikiza 6, yankho 12, kabokosi kakuda kamene tikadaponyapobe m'tsogolo posaka, pamene F3 n'koyera. Bomba la pa F6 likaphonya silinapite pachabe, lachotsako kabokosi kamodzi pa mndandanda wathu. Tinaponya F6, linagwa m'madzi. Tinaponya F3 tili ndi chikhulupiriro chonse, nalonso linagwa m'madzi.

Pamenepa ndi pamene m'mabanja ambiri mumabuka mkangano, wina n'kumati mnzake wanama kapena wasuntha sitima. Nafenso tinatsala pang'ono kutero. Koma taonani bwino pa pepala lanu. Ma X awiri ali moyandikana, mbali zonse ziwiri kuli timadontho, ndipo palibe sitima yamira. Tanthauzo lake ndi limodzi lokha: F4 ndi F5 ndi sitima ziwiri zosiyana, zogona chotsika moyandikana ngati nsomba pa thandala. Mtsikanayo anazigundanitsa dala, podziwa kuti munthu akaona ma X awiri amafulumira kukhulupirira kuti wapeza mzere.

Msampha umenewu ukadziwika umasanduka phindu, chifukwa tsopano tinali ndi sitima ziwiri m'manja. Tiyambe ndi ya pa F5. Kumanzere kwake kuli sitima inzake, kumanja kadontho ka F6, pamwamba kadontho ka E5 kamene kanali bomba lathu loyamba lija. Njira yatsala imodzi, yotsika, choncho G5 sitikadaphonya. Tinaponya, ndipo mtsikanayo anati, “Yamira, ya timabokosi 2.” Kunena zoona uwu unali mwayi, popeza kasitima kameneka ndi kamene kamachedwetsa anthu kumapeto kwa masewera.

Yankho limeneli linatithandizanso pa F4. Sitima zotsala zinali za 5, 4, 3 ndi 3, ndipo pansi pa F4 pali malo a kabokosi kamodzi kokha. Sitima ya timabokosi titatu kapena kuposa, ngakhale itatenga G4, iyenerabe kukwera mpaka E4. Choncho E4 nayonso inali yosaphonyeka, ndipo linagundadi. Tikadayamba ndi F4 tisanadziwe za kasitima kakang'ono kaja, tikadakayika pakati pa E4 ndi G4. Ndiye pamene pali bomba lotsimikizika ndi lina lokayikitsa, yambani ndi lotsimikizikalo, chifukwa yankho lake nthawi zina limachotsa chikayiko pa linalo.

Kenaka kunali kusankha pakati pa D4 ndi G4. Njira zogonera zinatsala 8, ndipo mwa izo 6 zinkadutsa pa D4, 4 pa G4, ziwiri mwa izo zikudutsa ponse pawiri. Tinaponya D4, linagunda, ndipo sitima ya timabokosi 3 inamira. Tisanapitirire tinachita chinthu chimene ambiri amaiwala, kuwerenga ma X. Pa pepala panali ma X asanu, ndipo sitima zomira zinali ya 2 ndi ya 3, pamodzi 5. Manambala akagwirizana chonchi ndiye kuti palibe sitima yovulala imene yatsala, mungathe kubwerera kukasaka. Ma X akachuluka kuposa timabokosi ta sitima zomira, ndiye kuti pafupi pomwepo pali ina imene mwaigunda osadziwa, musachokepo.

Tinali titaponya mabomba 12, sitima ziwiri zitamira. Tsopano tafika pa mfundo imene ife tikuiona kuti ndi yaikulu koposa zonse, ndipo ndi imene mtsikana uja ankatipambanira. Bolodi ya dirafuti ija tinaisankha chifukwa cha sitima ya timabokosi 2. Iyo itamira, yaifupi kwambiri mwa zotsala ndi ya timabokosi 3, ndiye kulumpha kabokosi kamodzi kokha n'kuwononga mabomba. Ukonde wogwirira usipa suyenera kukhala womwewo posaka kampango. Tsopano tiyenera kuponya pamodzi n'kulumpha pawiri.

Kachitidwe kake ndi komweko kophatikiza manambala, koma ulendo uno tigawa ndi 3. Timabokosi tonse 100 timagawika m'magulu atatu: timene yankho lake limagawika ndi 3 popanda chotsala tilipo 33, totsala 1 tilipo 33, totsala 2 tilipo 34. Timabokosi titatu tiliponse totsatizana timakhala ndi kamodzi ka gulu lililonse, choncho gulu lililonse mwa atatuwa ndi lokwanira kugwira sitima zonse zotsala. Mukalizindikiritsa pa pepala, gulu limaoneka ngati mizere yopendekeka yodutsa m'makona a timabokosi.

Nanga tisankhe gulu liti? Limene taponyamo kale kwambiri. Pa mabomba athu 12, asanu ndi awiri anagwa pa timabokosi togawika ndi 3: C3, D8, H4, F6, F3, G5 ndi E4. M'gulu limeneli munatsala timabokosi 26, pamene m'magulu ena awiriwo munatsala 31 lililonse. Tikadakakamira timabokosi takuda tija, tikadakhala ndi 41 toti tifufuze. Kuchoka pa 41 kufika pa 26 popanda kuponya bomba ngakhale limodzi si nkhani yaing'ono pa masewera amene nthawi zambiri amathera pa kusiyana kwa mabomba ochepa.

Mwa 26 timeneti tiyambire pati? Apa diso limanyenga. Malangizo aja akuti pakati ndi pabwino anali oona pamene bwalo linali loyera. Tsopano taonani D5, kabokosi ka pakati penipeni, kamene kali m'gulu lathu. Kumanzere kwake kuli sitima yomira pa D4, pansi kadontho ka E5, kumanja kadontho ka D8 patapita timabokosi tiwiri. Sitima zotsala, ya 5, ya 4 ndi ya 3, zingadutse pa D5 m'njira 3 zokha. E7, imene imaoneka yabwino, ili ndi njira 11. C6 ndi I6 zili ndi 15 iliyonse. Yoposa zonse ndi B7, ya njira 17, popeza mzere wonse wa B sunakhudzidwe ndipo mzere wotsika wa 7 uli wotseguka kuyambira A mpaka F. Ndi pamene tinaponya bomba la 13. Pakati pa bwalo panali patadzaza timadontho, malo otakasuka anali atasamukira chakumtunda ndi m'mbali.

Sitima ina ya timabokosi 3 ikamira, ukonde umakulanso. Pakatsala za 4 ndi 5 mumagawa ndi 4, ndipo magulu ake amakhala a timabokosi pakati pa 24 ndi 26. Pakatsala ya 5 yokha mumagawa ndi 5, gulu lililonse timabokosi 20. Nthawi zonse sankhani gulu limene mwaponyamo kale kwambiri, ndipo kabokosi kalikonse kamene kapanikizika pakati pa timadontho, moti sitima yaifupi yotsalayo singakwanepo chopingasa ngakhale chotsika, kafufuteni ngakhale kali m'gulu lanu. Ena amayamba masewera ndi timabokosi togawika ndi 4, timene tilipo 25 ndipo tonse n'takuda, kuti agwire msanga sitima ziwiri zikuluzikulu, kenaka n'kumadzaza takuda totsalato. Njira imeneyi siitaya bomba lililonse, ndipo imathandiza munthu kutalikitsa mabomba ake osavutika kuganiza.

Tisakunamizeni kuti kulumpha timabokosi pakokha kumachita zodabwitsa. M'chaka cha 2011 katswiri wina wa masamu, Nick Berry, anayesa njira zosiyanasiyana pa kompyuta m'masewera ambirimbiri. Kusaka mwachisawawa n'kumatsata pakagunda kunkafuna mabomba opitirira 60, ndipo kuwonjezerapo bolodi ya dirafuti yokha kunangochepetsako pang'ono. Njira imene inatsitsa nambalayo kufika pafupifupi 42 inali yowerenga, pa bomba lililonse, njira zimene sitima zotsala zingagonere, monga tachitira pa F5 ndi B7. Choncho magulu aja amatiuza kumene sitiyenera kuponya, koma kusankha kabokosi kenikeni kumafuna kuyang'ana malo otakasuka.

Zonsezi zimadaliranso malamulo amene mwagwirizana musanayambe, ndipo ndi bwino kuwatchula momveka. M'mabanja ena sitima siziloledwa kugundana. Zikatero msampha wa mtsikana uja sungatheke, ndipo sitima ikamira mumafufuta timabokosi tonse toizungulira popanda kuponya. Ena amangoti “yamira” osatchula kuti ndi iti, ndiye mumaidziwa powerenga ma X, ndipo ngati sitima zimaloledwa kugundana mungathe kunyengeka: ma X anayi pa mzere umodzi angakhale sitima ya 4, kapena ya 3 ndi mutu wa ina. Musakulitse ukonde musanatsimikize kuti kasitima kakang'ono kamiradi, chifukwa mukalakwa pamenepa mudzamaliza gulu lonse osakapeza. Ku Russia amasewera ndi sitima khumi, zinayi mwa izo za kabokosi kamodzi kokha, ndipo kumeneko bolodi ya dirafuti singagwire tisitima timeneti.

Chomaliza ndi munthu amene wakhala patsogolo panu. Kuwerenga konse kuja kumayesa kuti mnzanu wamwaza sitima zake mosaganizira, koma munthu amene waona kuti mumayamba pakati adzazikankhira m'mphepete. Ndi zimene zinatichitikira. B7 linagwa m'madzi, ndipo sitima ya timabokosi 5 tinadzaipeza mochedwa itagona mu mzere wa J, pansi penipeni. Tinapambanabe tsiku limenelo, koma mtsikanayo anali atatsala ndi kabokosi kamodzi kokha kuti amize sitima yathu yomaliza. Kuyambira pamenepo timasunga mapepala a masewera akale m'kabati, ndipo tisanayambe timayamba taona kumene iye amakonda kubisa. Tamva kuti nayenso akusunga athu.